Mphindi 14 Zoti Zikwane mu Mphindi 5: Kufupikitsa Sipichi ya Bambo pa Ukwati

Kutatsala masiku ochepa kuti mchemwali wanga akwatiwe, bambo anandiitana n'kundipatsa mapepala olembedwa pamanja mbali zonse ziwiri, nati, "Mwanangu, tawerenga izi, undiuze ngati pali munthu amene ndamuiwala." Iwo ankadera nkhawa za munthu woiwalika, koma ine nditangoona kuchuluka kwa mapepalawo ndinadziwa kuti vuto linali kwina. Wotsogolera mwambo anali atawauza kale kuti bambo a mkwatibwi adzapatsidwa mphindi 5, ndipo zimene zinali m'manja mwangamo sizikanakwana m'nthawi imeneyo ngakhale akanawerenga osapuma.

Chimene chinandivuta n'chakuti sipichiyo siinali yoipa. Inali ndi nthabwala zoti munthu n'kuseka mpaka misozi, inali ndi mawu othokoza ochokera pansi pa mtima, ndipo munthu ukamaiwerenga unkamva liwu la bambo mwiniwake. Sipichi yosakoma siivuta kudula chifukwa palibe chimene umachimvera chisoni. Yovuta ndi yabwino imene yangotalika, pakuti chilichonse chimene wachiloza kuti chichoke chimakhala ndi chifukwa chake chomveka chokhalirapo.

## Wotchi iyambe ndiyo kulankhula

Sindinawauze bambo kuti sipichi yawo yatalika, chifukwa mawu otero akachokera kwa mwana amamveka ngati chipongwe, ndipo amangoyambitsa mkangano wopanda woweruza. Ndinawapempha kuti aimirire, awerenge mokweza monga momwe adzawerengere pa tsikulo, ine n'kuyambitsa wotchi ya pa foni. Kuimirira ndi kukweza mawu n'kofunika, popeza munthu akamawerenga chamumtima amathamanga kwambiri kuposa mmene angalankhulire pamaso pa anthu, ndipo amadzinamiza kuti zimene walemba n'zazifupi. Wotchi inaima pa mphindi 14. Ndinawaonetsa foniyo osanena kanthu, iwo n'kukhala pansi.

Kenaka tinawerenga kuchuluka kwa mawu, tinapeza kuti analipo pafupifupi 1,400. Apa ndi pamene pali masamu okhawo amene ntchito imeneyi imafuna. Mawu 1,400 pa mphindi 14 ndiye kuti bambo amalankhula mawu 100 pa mphindi, ndipo liwiro limeneli ndi lawo, si la wina aliyense. Munthu wina amalankhula mofulumirapo, wina mochedwerapo, choncho palibe chifukwa chotengera nambala ya mnzako pamene ukhoza kupeza yako mwa kungowerenga mokweza kamodzi n'kugawa.

Wina akhoza kufulumira kunena kuti mphindi 5 ndiye mawu 500, koma pamenepo ndi pamene ambiri amagwera. M'chipinda mmene tinalimo munalibe woseka kwa nthawi yaitali, munalibe wowomba m'manja, ndipo bambo sanafunike kudikira kuti phokoso lithe. Pa ukwati, nthabwala ikagwira anthu amaseka kwa masekondi angapo, dzina la munthu wokondedwa likatchulidwa amawomba m'manja, ndipo bambo amene akupereka mwana wake wamkazi amafika pena pamene mawu amakana kutuluka, n'kuima kaye. Zonsezi zimadya nthawi ya mu mphindi 5 zomwezo. Tinapatula mphindi imodzi yathunthu kuti ikhale ya anthu omvera, zinatsala mphindi 4 za bambo, kutanthauza mawu 400. Pa mawu 1,400 panayenera kuchoka 1,000.

Bambo anayesa kutsutsa, nati akhoza kungowerenga mofulumira. Njira imeneyi ndi imene imapha nthabwala kuposa ina iliyonse, chifukwa chiseko chimadalira kupuma pang'ono mawu otsiriza asanatuluke, ndipo munthu amene akuthamangitsana ndi wotchi chinthu choyamba chimene amataya ndi kupumako. Dzina lotchulidwa mothamanga nalonso silimveka ngati kuthokoza, limamveka ngati kuitana mayina m'kaundula.

## Nthambi kaye, masamba pambuyo

Munthu akauzidwa kuti afupikitse, chibadwa chake n'kuyamba pa chiganizo choyamba, kuchotsa liwu apa ndi apo mpaka kumapeto. Njira imeneyi ikhoza kuthandiza ngati wapitirira ndi theka la mphindi, koma singachotse mawu 1,000 pa mawu 1,400. Zili ngati kufuna kuchepetsa mtengo umene watsekereza njira mwa kuthothola masamba, pamene chofunika n'kusankha nthambi zoti zidulidwe.

Tinayala mapepalawo n'kulemba m'mbali mwa ndime iliyonse ntchito imene ikugwira ndiponso kuchuluka kwa mawu ake. Moni pamodzi ndi kupepesa kuti iwo si katswiri wolankhula zinatenga mawu 150. Kuthokoza kunatenga 450. Nkhani zisanu zoseketsa zinatenga 500, malangizo a m'banja 200, ndipo mawu otsekera, amene anatseka katatu konse asanatsekedi, anatenga 100. Titangoziona zili choncho, zina zinadziweruza zokha. Kupepesa kunachoka konse, pakuti munthu amene wayamba ndi kunena kuti sadziwa kulankhula wadya theka la mphindi pouza anthu kuti asayembekezere zambiri. Malangizo a m'banja nawonso anachoka, kupatula chiganizo chimodzi, chifukwa analipo ena amene anapatsidwa kale ntchito yolangiza pa tsikulo, ndipo zimene bambo analemba zikanangobwereza zawo.

Gawo latsopano linakhala motere: mawu 30 a moni, 90 othokoza, 180 a nkhani zoseketsa, 60 olandira mkwati m'banja, ndi 40 odalitsa awiriwo n'kukhala pansi. Manambala amenewa si lamulo, koma ubwino wake ndi wakuti mkangano umasintha. Simukanganiranso ngati chinthu chili chabwino, popeza zonse n'zabwino, koma mumafunsana ngati chili chabwino kuposa chinzake chimene chikufuna malo omwewo.

## Dzina la nambala 17

Titafika pa mawu othokoza, bambo anaika dzanja pa pepalalo ngati akuliteteza, nati, "Mwanangu, nthabwala zonsezi ukhoza kuzichotsa ngati ukufuna, koma dzina la munthu usalikhudze. Anthu awa anatithandiza." Panali mayina 26, lililonse ndi kachiganizo kake, ndipo ziganizozo zinali zofanana: tikuthokoza uje chifukwa cha thandizo lawo, tisaiwalenso uje amene anatithandiza kwambiri, komanso uje amene sanatisiye tokha.

Mayi anali chikhalire pambali osalankhula. Ine ndinapempha chinthu chimodzi chokha. Ndinati, "Bambo, sindichotsa dzina lililonse. Ndiziwerenga limodzilimodzi, inu muzindiuza chimene munthuyo anachitira mwana wanuyu, m'chiganizo chimodzi." Anavomera. Mayina oyamba anayankha mwachangu koma mofanana: anathandiza pa zokonzekera, anabwera kuchokera kutali, ndi mnzanga wakale. Mayankho onsewa anali oona, koma aliyense akanatha kusinthana ndi mnzake popanda wozindikira.

Nditatchula dzina la nambala 17, bambo sanayankhe. Linali dzina la azakhali, alongo awo a bambo, amene anasiya zawo zonse n'kudzakhala nafe miyezi yambiri pamene mayi anadwala kwambiri, mchemwali wanga ali wakhanda. Ndi iwo amene ankamusambitsa, kumugoneka ndi kudzuka naye usiku. Pa pepala paja analembedwa pakati pa mnzawo wa bambo wa kuntchito ndi munthu amene anabwereketsa galimoto, ndi mawu akuti "chifukwa cha thandizo lawo". Mayi ndi amene anathetsa chetecho, nati, "Bambo ake, mlamu wanga uja mwamuika pamenepo? Anthu akadzafika pa dzina lake adzakhala atasiya kale kumvetsera."

Bambo anachotsa dzanja pa pepala paja. Mpaka nthawi imeneyo ankaona mndandanda wautaliwo ngati chilungamo, poti aliyense watchulidwa ndipo palibe wodandaula. Chimene anaona usiku umenewo n'chakuti mndandanda wautali umapatsa aliyense gawo lofanana, ndipo gawo lofanana limamulanda amene anachita zazikulu. Omvera amagwira mayina atatu kapena anayi oyamba, kenaka makutu amatopa, ndipo dzina lililonse lowonjezera limachepetsa kulemera kwa anzake. Kuyambira pamenepo sindinenso amene ndinkadula, bambo ndi amene anatenga pensulo.

Tinagawa anthu 26 aja m'magulu atatu. Gulu loyamba linali la amene ayenera kutchulidwa dzina pamodzi ndi chimene anachita, ndipo anakwana atatu: makolo a mkwati monga banja limodzi, azakhali, ndi mayi. Gulu lachiwiri linali la amene akhoza kuthokozedwa pamodzi potchula ntchito yawo, monga onse amene anakonza za tsikulo, operekeza akwati, ndi amene anayenda maulendo ataliatali. Gulu lachitatu linali la amene bambo anafuna kuwathokoza pa zifukwa za iwo eni zosakhudza akwatiwo, ndipo amenewa anagwirizana zowapeza pamaso kapena kuwalembera kalata ukwati ukatha. Ndimaona kuti munthu amasangalala kwambiri ndi kalata ya mizere isanu yonena za iye yekha kusiyana ndi kumva dzina lake likudutsa pa maikolofoni pakati pa mayina ena 25.

Ndime ya azakhali inatuluka chonchi: "Pamene mayi ake anali m'chipatala, mwanayu ali wa m'manja, mlongo wanga anatseka nyumba yake n'kubwera kudzamulera. Achemwali, mwana amene munkadzuka naye usiku uja ndi uyu wavala zoyera lero. Zikomo." Ndi mawu ochepa kwambiri, koma ali ndi chinthu chimene munthu akhoza kuchiona m'maganizo, ndipo chimenecho n'chimene chimasiyanitsa kuthokoza ndi kungotchula.

Pali msampha umodzi pothokoza m'magulu umene ndiyenera kuutchula. Ukayamba kunena kuti "onse amene anakonza za lero, makamaka uje ndi uje", wabwezeretsa vuto lomwe lija, ndipo walikulitsa, chifukwa tsopano wachitatu amene anagwira ntchito yofanana wamva kuti wasiyidwa dala. Gulu ulitchule lonse ndi mayina kapena usatchule dzina ngakhale limodzi. Mzere wolekanitsa otchulidwa ndi osatchulidwa uyenera kukhala woti aliyense m'chipindamo akhoza kuumvetsa popanda kufotokozeredwa, monga momwe palibe amene angadandaule kuti makolo atchulidwa dzina pamene iye sanatchulidwe. Ndi bwinonso kufunsa ena amene adzalankhule kuti adzathokoza ndani, popeza nthawi zambiri mkwati amadzathokozanso anthu omwewo, ndipo kugawana mayina kumapulumutsa nthawi ya onse.

## Nthabwala zisanu, malo a ziwiri

Pa nkhani zoseketsa bambo anali okonzeka kutaya zonse, koma ine ndinakana, chifukwa sipichi yopanda chiseko, ngakhale ikhale ya mphindi 4, imamveka yaitali. Mawu 180 ankatha kunyamula nkhani ziwiri zokambidwa bwino, osati zisanu zopanikizidwa. Funso linali lakuti ziwiri ziti.

Munthu sangadziyese yekha pa nkhani ya nthabwala zake, ndipo a m'banja nawonso sathandiza kwenikweni chifukwa amayamba kuseka nkhaniyo isanafike pakati, poti akuidziwa. Tinaitana mnzanga amene sadziwa mbiri ya banja lathu, n'kumupatsa pensulo kuti azichonga pamene waseka mosadzikakamiza. Theka la anthu a pa ukwati ndi a mbali inayo, ndipo mnzangayo ankaimira iwowo.

Nkhani imodzi inagwa nthawi yomweyo. Inali ya dzina lachibwana limene tinkamutchula mchemwali wanga, ndipo ife a m'nyumba tinaseka pamene mnzanga uja ankangotiyang'ana. Kuti aseke panafunika kufotokoza za anthu atatu ndi chaka chonse cha mbiri yathu, ndipo nthabwala yofuna kufotokozera koteroko ndi yokambirana pa banja, si ya pa maikolofoni. Yachiwiri inali ya momwe mchemwali wangayo analepherera mayeso oyendetsa galimoto. Inali yoseketsa ndithu, koma siinkanena chilichonse chokhudza chifukwa chimene anthu asonkhanira, ndipo ikanatha kukambidwa pa phwando lina lililonse.

Yachitatu ndi imene inatipweteka, pakuti ndi imene mnzanga anaseka kwambiri kuposa zonse. Inali ya mnyamata wina amene ankamufuna mchemwali wanga kale, asanakumane ndi mwamuna wakeyu. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi amene amati nthabwala yabwino ndi imene yaseketsa kwambiri. Muyeso wanga ndi nkhope ya mkwatibwi pa nthawi imene anthu akuseka: ngati akhoza kuseka nawo ataweramutsa mutu, pamaso pa apongozi ake atsopano, nthabwalayo ikhale, koma ngati adzayang'ana pansi kudikira kuti zithe, ichoke ngakhale ikhale yokoma bwanji. Bambo anaidula okha ndi mzere umodzi wautali, akuseka.

Zinatsala ziwiri, ndipo titaziyang'anitsitsa tinaona kuti zikunena chinthu chimodzi: mchemwali wanga ndi munthu wadongosolo kuyambira ali mwana, ndipo wapeza mwamuna amene dongosololo silimulemera. Mfundo imeneyi inakhala msana wa sipichi yonse. Chilichonse chimene chinkaikulitsa chinakhala, chimene sichinkaikhudza chinachoka, ndipo kusankha kunaphweka kwambiri.

## Kudula njira, kusiya chiseko

Nthabwala iliyonse ili ndi zigawo ziwiri, njira yopita ku chiseko ndi mawu otsiriza amene amachiphulitsa. Mawu otsirizawo sakhudzidwa. Mafuta onse amakhala m'njiramo, ndipo nthawi zambiri njirayo ikhoza kufupika ndi theka kapena kuposa popanda chiseko kuchepa. Nayi nkhani yoyamba monga bambo anailembera:

"Ndikukumbuka kuti chinali chaka chimene tinasamuka, kapena chaka chotsatira, mayi akewa andikumbutsa, nthawi imeneyo ine ndinkagwira ntchito ya usiku ndipo ndinkafika kunyumba nditatopa kwambiri. Ndiye pali chinthu china choseketsa chimene chinachitika, mukachimva museka. Mwanayu anali ndi zaka 7, ndipo anali atangophunzira kulemba bwino chifukwa mphunzitsi wake anali wolimbikira. Tsiku lina ndinapeza pepala litamatidwa pachitseko, lolembedwa malamulo asanu a m'nyumba, ndipo lamulo lachinayi linkati munthu akalakwa apepese ngakhale akhale bambo, moti ine ndinaseka kwambiri, ndipo izi zikusonyeza kuti mwanayu ndi wadongosolo kuyambira kale."

M'ndime imeneyi muli zolemetsa za mitundu inayi, ndipo ndimazipeza pafupifupi m'nkhani iliyonse imene munthu walemba momwe amakambira. Choyamba ndi kufunafuna chaka, chimene omvera alibe nacho ntchito. Chachiwiri ndi anthu ndi zinthu zongodutsa, monga ntchito ya usiku ndi mphunzitsi, zimene womvera amazisunga m'mutu poganiza kuti zidzafunika kutsogolo, kenaka n'kupeza kuti wanyamula pachabe. Chachitatu ndi kulengeza kuti kukubwera choseketsa, kumene kumachititsa anthu kuyamba kuyesa nthabwalayo m'malo moimvera. Chachinayi, chimene chimawononga kwambiri, ndi mchira umene uli pambuyo pa mawu oseketsawo. Anthu akayamba kuseka pa "ngakhale akhale bambo", wolankhula akadali pakati pa chiganizo, ndiye amaleka kuseka kuti amve zotsalazo, ndipo zotsalazo n'kungofotokoza chimene amva kale.

Itadulidwa inakhala chonchi: "Ali ndi zaka 7, mwanayu anamata pepala pachitseko: malamulo asanu a m'nyumba muno. Lamulo lachinayi linkati, 'Munthu akalakwa apepese, ngakhale akhale bambo.'" Mawu oseketsa ali kumapeto kwenikweni, pambuyo pake pali mpumiro, ndipo pa pepala la bambo tinajambula mzere wokhuthala wotanthauza kuti ayang'ane anthu n'kudikira.

Koma kudula kuli ndi malire ake, ndipo malirewo amadziwika poyesa. Tiyerekeze kuti wina, pofuna kupulumutsa mawu anayi, wachotsa "ali ndi zaka 7". Nthabwalayo yafa, chifukwa chimene chikuseketsa ndi kamwana kakang'ono kolamula bambo ake, ndipo popanda zakazo womvera akhoza kuganiza za mtsikana wamkulu wamwano. Njira yodziwira mawu osayenera kukhudzidwa ndi kufunsa pa mfundo iliyonse kuti, womvera akapanda kudziwa ichi, kodi mawu otsiriza adzamvekabe? Ngati adzamveka, mfundoyo ichoke. Ngati munthu watsopano amva nthabwala yodulidwa n'kufunsa kuti "Ndiye kuti chiyani?" kapena n'kuchedwa kuseka, ndiye kuti mwachotsa mfundo imene chisekocho chinatsamirapo, ndipo muibwezere yokhayo, osati ndime yonse. Pamafunika munthu amene sanaimvepo, chifukwa amene anamva yaitali ija amadzaza yekha m'mutu mwake zimene zachotsedwa.

Nkhani yachiwiri inapindula ndi yoyamba, ndipo apa ndi pamene tinapulumutsa mawu ambiri. Pa pepala loyamba inali ndi chiyambi chakechake chofotokoza kuti mchemwali wanga sakonda anthu ochedwa. Itaikidwa pambuyo pa nkhani ya malamulo, chiyambicho sichinafunikenso, popeza omvera akumudziwa kale: "Tsiku loyamba kubwera kwathu, akamwiniwa anauzidwa kuti afike 3 koloko. Anafika 2 koloko, n'kuima panja ola lathunthu akuyang'ana wotchi, ine ndili pawindo ndikuganiza zoitana apolisi. Itangokwana 3 koloko ndendende, anagogoda." Kenaka bambo anawonjezera chiganizo cha iwo eni chimene sichinali m'mapepala oyamba aja, chomangiriza nkhani ziwirizo pamodzi: "Pepala la malamulo lija ndinalisunga, ndipo ndi ili. Akamwini, bwerani mudzatenge, ine ndapuma pa ntchito." Nkhani ziwiri zinapereka malo atatu osekera, ndipo zonse pamodzi sizinafike n'komwe pa mawu 180 aja, moti otsalawo anapita ku ndime yolandira mkwati.

## Polumikiza

Sipichi imene yadulidwa kwambiri imakhala ndi mabala, ndipo amaoneka ukaiwerenga mokweza kuchokera poyamba. Pena pamatsala mawu akuti "monga ndanena kale" pamene chonenedwacho chinachotsedwa, pena "iyeyu" amene sakudziwikanso kuti ndi ndani, pena "chachitatu" pamene chachiwiri kulibe. Zimenezi maso amazidumpha chifukwa mutu ukukumbukirabe zakale, koma khutu limazigwira.

Polumikiza ndime sipafuna mawu ambiri. Bambo ankakonda kunena kuti "tsopano ndisanapitirire ndikufuna nditembenukire ku nkhani ina", ndipo ziganizo zotere zinalipo zingapo. Zonse zinachoka, chifukwa polankhula munthu akhoza kusintha nkhani mwa kungopuma ndi kutembenukira kwa amene akumunena. Chimene tinasamala kwambiri ndi dongosolo la ndimezo. Kuthokoza kwa magulu kunabwera koyambirira, anthu akadali tcheru, kenaka nthabwala, kenaka ndime ya azakhali ndi ya mayi, ndipo pomaliza dalitso. Tinachita dala kusaika nthabwala pambuyo penipeni pa ndime ya azakhali, popeza chiseko chobwera msanga pamenepo chikanafufuta zimene zangonenedwa. Kuchoka pa kuseka kupita pa mawu ogwira mtima kumayenda bwino, koma kubwerera kumavuta.

Ndi pamapeto pa zonsezi pamene tinayamba kuthothola timawu tating'onoting'ono: "kwambiri" wobwerezedwa, "ndikufuna kunena kuti", "kunena zoona", ndi ziganizo ziwiri zonena chinthu chimodzi. Apa ndinadziletsa kuti ndisapitirire, chifukwa ena mwa mawu ooneka opanda ntchitowo ndi amene amapangitsa kuti sipichi imveke kuti ndi ya bambo. Iwo amakonda kunena kuti "anthuni" akafuna kutsindika, ndipo ndinawasiyira awiri.

## Ndime ya m'mabulaketi

Powerenga komaliza wotchi inaima pa mphindi 4 ndi masekondi ochepa. Tinalembanso sipichiyo ndi zilembo zikuluzikulu, mbali imodzi yokha ya pepala, ndime iliyonse payokha, kuti akakweza maso kuyang'ana anthu asasochere pobwerera. Tinachitanso chinthu china chimene ndimalangiza aliyense: tinasankhiratu ndime imodzi yoti ikhoza kudumphidwa popanda chilichonse kugwa, n'kuizinga ndi mabulaketi. Mwambo ukachedwa, wotsogolera amatha kunong'oneza kuti mufupikitse, ndipo munthu amene sanasankhiretu chodumpha amadula kumapeto, kumene kuli dalitso, kapena amayamba kuthamanga. Kwa bambo ndime ya m'mabulaketi inali chiganizo cha malangizo chija pamodzi ndi mawu ochepa ochizungulira.

Pa tsikulo analankhula mphindi pafupifupi 5 ndi theka. Chiseko cha pa "ine ndapuma pa ntchito" chinatalika kuposa momwe tinayerekezera, chifukwa mkwati anadzukadi n'kupita kukalandira pepalalo ndi manja awiri, ndipo kuyenda kumeneko sitinakuwerengere. Chilichonse chofuna kuti munthu adzuke, apereke kanthu kapena aimirire kuti aonedwe chimafuna masekondi akeake, ndipo n'chanzeru kuchiyeseza ndi wotchi ngati mmene timayesezera mawu. Masekondi enawo anapita pamene bambo, ataona mnzawo wakale pakati pa anthu, anasiya pepala n'kumupatsa moni wa ziganizo zitatu. Zowonjezera za pomwepo zotere ndi zimene zimatupitsanso sipichi yodulidwa bwino, ndipo zimabwera makamaka anthu akaseka, wolankhula n'kumva kukoma. Bambo anazindikira okha kuti adya nthawi, ndipo atafika pa mabulaketi aja anadumpha ndimeyo n'kupita molunjika ku dalitso.